Momwe mungasandutsire mauthenga a pafoni kukhala lipoti la sabata la tsamba limodzi

Lachisanu lina masana ndili pa Khombedza m'boma la Salima, abwana anandiimbira kuchokera ku ofesi ku Lilongwe. Anati, "Mauthenga anu onse ndawerenga, zithunzi ndaona. Koma tandiuzani, mijigo yatha ingati, ndipo ine ndikuyenera kuchitapo chiyani?" Sabata imeneyo ndinali nditawatumizira mauthenga oposa 40, osawerengera zithunzi ndi mauthenga a mawu. Palibe chomwe ndinabisa. Komabe munthu amene ankasainira ndalama za ntchitoyo sankadziwa pamene tafika, ndipo nkhani imodzi yomwe inkafunika dzanja lake inali itakwiririka pakati pa moni ndi zithunzi za matope.

Vuto lake ndi lakuti uthenga wa pafoni umatsata nthawi: m'mawa kunachitika chakuti, masana chakuti, madzulo zinasintha. Bwana safuna kuyenda nanu ulendo wonsewo kachiwiri. Akufuna adziwe ngati ntchito itha pa tsiku lomwe munalonjeza, chimene chingailepheretse, ndi chimene iye achite lisanafike tsiku lakuti. Ndiye kulemba lipoti la sabata si kufupikitsa mauthenga aja ayi. Ndi kuwamasula, n'kuwamanganso potsata zimene bwana akuyenera kugamula. Ndikusonyezani ndi sabata imodzi ya ntchito yokonza mijigo, kuyambira pa mauthenga osapeta mpaka pa lipoti lake.

Ntchito yake inali yotere

Tinali ndi mijigo 12 yoti tikonze m'midzi ya kumpoto kwa boma la Salima, m'masabata 8, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu pa 6 Febuluwale. Mapampu ake anali a Afridev, omwe ali pa mijigo yambiri m'midzi mwathu muno. Pa mjigo uliwonse tinkazula mapaipi ndi ndodo zachitsulo za m'pampu, kusintha zowonongeka, kuthiranso simenti pansi ndi pa ngalande, kudikira masiku 7 kuti simentiyo ikhwime tikuithirira madzi, kubwezera pampu, kuthira kolorini n'kumusiya usiku wonse, kenako komiti ya mjigo inkayesa ndi kusaina kuti yalandira. Pulani inkati pofika kumapeto kwa sabata yachisanu tikhale titamaliza mijigo 8. Sabata yachinayi tinatseka ndi 5.

Nawa ena mwa mauthenga amene ndinatumiza m'sabata yachisanuyo, monga momwe ndinawalembera:

Lolemba m'mawa: "Mwadzuka bwanji bwana. Tafika ku mjigo wa pachigayo, tayamba kubwezera pampu. Usiku kunagwa chimvula ndiye tachedwako pang'ono."

Lolemba masana: "Bwana mapaipi ong'aluka ndi 4, ife timayesa 2. Tatengako kwa apadera aja."

Lachiwiri m'mawa: "Lole ya simenti yatitimira pa kamtsinje kaja. Anyamata a m'mudzi akutithandiza kukankha."

Lachiwiri madzulo: "Yatuluka bwana, Mulungu ndi wabwino. Koma matumba ena anyowa."

Lachitatu: "Pachigayo madzi akutuluka bwinobwino, amayi akusangalala kwambiri, onani chithunzi."

Lachinayi: "Kusukulu tathira simenti lero."

Lachinayi usiku, uthenga wa mawu wa mphindi zitatu, momwe chakumapeto ndinati: "Komanso ogulitsa aja akuti ndodo sangatipatse mpaka alandire ya ulendo wathawu, kaya zili pati kumeneko."

Lachisanu: "Wa pamsika asaina. Pachigayo kuli maliro, amfumu akuti tibwere Lachiwiri."

Muwerengenso kamodzi, muyese kuyankha funso la abwana lija. Mupeza kuti zikuoneka ngati sabata yayenda bwino: madzi akutuluka, simenti yathiridwa, lole yatuluka m'matope. Zoona zake n'zakuti tinali titatsalira ndi mijigo iwiri, ndipo ntchito yonse inali pafupi kuima.

Choyamba, sonkhanitsani zonse pamalo amodzi

Musalembe lipoti kuchokera m'mutu. Mutu umakumbukira za dzulo ndi zimene zinakupwetekani mtima, n'kuiwala za Lolemba. Khalani pansi Lachisanu chakumasana ndi foni, kabuku kanu ka kuntchito, ndi lipoti la sabata yatha. Ngati mumagwiritsa ntchito WhatsApp pa foni ya Android, tsegulani macheza anu ndi bwana, dinani timadontho titatu pamwamba, musankhe More, kenako Export chat, kenako Without media. Mulandira mauthenga onse ngati kalata imodzi yokhala ndi masiku ndi nthawi. Chenjerani pamenepa: mauthenga a mawu samasandulika zolemba, pamalo pake pamangolembedwa kuti <Media omitted>. Muyenera kuwamveranso limodzi ndi limodzi muli ndi cholembera m'manja. Nkhani zolemera zimakonda kubisala m'mauthenga a mawu, chifukwa chimene munthu akuchita nacho manyazi kulemba amachinena mothamanga kumapeto.

Chachiwiri, thirani uthenga uliwonse m'dengu lake

Tengani pepala, mulidule ndi mizere kukhala magawo anayi: zatha, zili mkati, zovuta, zofuna bwana. Uthenga uliwonse ufunseni kuti ukulowa pati. Umene sukulowa paliponse, monga moni, mvula imene inangokuchedwetsani maola awiri, anyamata okankha lole, usiyeni kunja. Sikuti zimenezo n'zachabe, koma ntchito yake inatha tsiku lomwelo.

Mauthenga angapo okamba nkhani imodzi aphatikizeni, mulembe pamene nkhaniyo yathera. Nkhani ya lole inadya mauthenga asanu ndi zithunzi zitatu, koma chimene chatsala lero ndi chimodzi: simenti yawonongeka. Kutitimira kunatha Lachiwiri, kuperewera kwa simenti kudakalipo. Nthawi zonse dzifunseni kuti, pa nkhani iyi, n'chiyani chimene chidakali chamoyo Lachisanu lino?

Chachitatu, gwirizanani ndi mawu akuti "zatha"

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene malipoti ambiri amanamira osadziwa kuti akunama. Mjigo wa pachigayo unkatulutsa madzi kuyambira Lachitatu. Amayi ankatunga, chithunzi chinalipo. Mtima wanga unkafuna kuuika m'dengu la zatha, kuti nambala ikhale 7. Koma pa ntchito yathu, mjigo watha pokhapokha komiti itasaina. Pepala losainidwalo ndi limene ofesi inkatumiza kwa opereka ndalama, ndipo ndi limene linkasonyeza kuti mjigo tsopano uli m'manja mwa eni mudzi. Popanda pepalalo, pampu ikathyoka mawa mlandu ndi wathu.

Izi ndinaziphunzira mowawa pa ntchito ina m'mbuyomo. Ndinalemba kuti chimbudzi cha pasukulu ina chatha, chifukwa makoma ndi denga zinali zitaima, kungotsala zitseko. Abwana anga a nthawi imeneyo anauza alendo zomwezo, alendowo anabwera, n'kupeza ana sakulowamo chifukwa mulibe zitseko. Amene anachita manyazi pamaso pa alendo anali iwo, chifukwa cha mawu anga. Kuyambira pamenepo, ndisanayambe ntchito iliyonse ndimafunsa bwana kuti tigwirizane m'chiganizo chimodzi tanthauzo la kutha, ndipo chiganizocho ndimachilemba pamwamba pa kabuku kanga.

Mawu ngati "zatsala pang'ono", "tili kumapeto", "pafupifupi zatha" musawalole kulowa m'lipoti. Nawonso maperesenti ongoganizira, monga kunena kuti mjigo uli pa 90 peresenti, sathandiza aliyense. Mungazindikire lipoti lodwala matenda amenewa mosavuta: chinthu chimodzi chimakhala pa 90 peresenti masabata atatu otsatizana. M'malo mwake nenani chimene chatsala, amene achichite, ndi tsiku lake. "Pachigayo: pampu ikugwira ntchito, kwatsala kuti komiti isaine Lachiwiri pa 20 Januwale." Chiganizo chimenechi n'choona, ndipo sichikuchepetsa ntchito imene mwagwira.

Choncho m'dengu la zatha munalowa mjigo umodzi wokha, wa pamsika. Asanu akale kuphatikiza umodzi, 6.

Chachinayi, nambala iliyonse ikhale ndi mnzake

"Tamaliza mijigo 6" ndi nambala yamasiye. Bwana sangadziwe ngati akondwere kapena ade nkhawa. Iphatikizeni ndi pulani: "6 mwa 12, pomwe pulani imati 8." Tsopano aliyense akuona kuti tatsalira ndi iwiri, ngakhale munthu amene sanafikepo ku Salima.

Kenako bwererani ku mawu onse osawerengeka a m'mauthenga anu, muwasandutse manambala. "Matumba ena anyowa" ndi angati? Apa mpofunika kuimba foni kapena kupita kukawerenga nokha, osangoganiza. Ine ndinaimbira wosunga katundu wathu. Lole inanyamula matumba 25, asanu pa mjigo uliwonse mwa isanu imene inali isanathiridwe simenti. Anyowa n'kuuma ngati mwala anali 6, kutsala 19. Kusukulu kunalowa 5, kutsala 14. Mijigo inayi yotsala ikufuna 20. Ndiye tikuperewera matumba 6, koma amene alipo akwanira mijigo iwiri ya sabata yamawa. Masamu amenewa anatenga mphindi zochepa, koma anasintha nkhani yonse: simenti si vuto la mawa m'mawa, ndi vuto la pa 27 Januwale, tsiku lothira pa mjigo wa 11. Bwana akadziwa zimenezi sathamanga pachabe, komanso saiwala.

Mapaipi awiri owonjezera aja ndinachita nawo chimodzimodzi. Tinali ndi apadera 5, tsopano atsala 3. Sizikuimitsa ntchito, ndiye zikwanira mzere umodzi waufupi. Ndinauikabe chifukwa mijigo inayi inali isanatsegulidwe, ndipo za pansi pa nthaka umazidziwa utazula.

Chachisanu, fukulani chimene chikufuna bwana, muchiike pamwamba

M'mauthenga onse aja, mawu ofunika kuposa onse anali aja akuti "kaya zili pati kumeneko". Mwa chikhalidwe chathu sitimuuza wamkulu kuti lipirani pofika Lachitatu. Timazungulira, timati kaya, timati mwina mukapeza mpata, timayembekeza kuti amva yekha. Pocheza ndi ulemu wabwino. Koma bwana amene ali ndi mapulojekiti angapo pa tebulo lake akamva "kaya zili pati", amatenga ngati funso wamba, osati moto. Ulemu usungeni m'mawu, koma tsiku ndi ndalama zikhale poyera.

Pempho labwino lili ndi zinthu zinayi: chimene mukupempha, kuchuluka kwake, tsiku lomaliza, ndi chimene chichitike tsikulo likadutsa. Tsikulo musalitole m'mwamba, liwerengeni chobwerera kuchokera pa tsiku limene katundu akufunika. Ife ndodo zimene zinatsala zinali zokwanira mjigo wa kusukulu wokha. Mjigo wa 9 tinkathira simenti Lolemba pa 19, kutanthauza kuti pampu yake ikubwerera pa 26. Ogulitsa ananena kuti akalandira ndalama, katundu amafika ku Salima pakatha masiku atatu. Kuti ndodo zikhale m'manja mwathu Loweruka pa 24, ndalama ikuyenera kutuluka Lachitatu pa 21. Tsiku limeneli palibe angalitsutse, chifukwa masamu ake akuoneka.

Ndinawerengeranso mpaka kumapeto. Mjigo wa 10 simenti pa 21, pampu pa 28. Wa 11 simenti pa 27, pampu pa 3 Febuluwale. Wa 12 simenti pa 29, pampu pa 5, kolorini usiku, kusaina pa 6. Ndiye kuti tsiku lomaliza tikhoza kulikwanitsabe, koma palibe tsiku ngakhale limodzi lapadera. Chiganizo chimenechi sichinali mu uthenga uliwonse mwa 40 aja. Chinabadwa nditakhala pansi ndi kalendala, ndipo ndi chimene abwana ankachifuna kuposa zonse. Kulemba lipoti kumathandiza wolemba yemwe, chifukwa ine mwini sindinkadziwa kuti tapanikizika chonchi mpaka nditawerenga masikuwo ndi chala.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani mzere woyamba pomaliza

Mzere woyamba wa lipoti ndi chigamulo chanu pa ntchito yonse, ndipo mungaulembe bwino mutamaliza zina zonse. Maofesi ena amagwiritsa ntchito mitundu itatu: wobiriwira kutanthauza kuti zili m'chimake, wachikasu kuti pali chiopsezo koma tsiku lomaliza likadatheka, wofiira kuti tsiku lomaliza kapena bajeti sizithekanso popanda kusintha china. Ngati kwanu mumatero, tsatirani, koma mtundu usayende wokha, uzikhala ndi chifukwa chake pambali. Ndipo musaope wachikasu. Lipoti lobiriwira masabata 7 n'kudzafiira mwadzidzidzi sabata yomaliza ndi limene limachotsa chikhulupiriro, chifukwa bwana amadziwa kuti vutolo silinayambe dzulo.

Nali lipoti limene linatuluka:

> Lipoti la sabata 5 mwa 8: kukonza mijigo 12, Salima (12 mpaka 16 Januwale)
>
> Pamene tili: Pali chiopsezo. Mijigo yatha ndi 6 mwa 12, pulani imati 8. Tsiku lomaliza la 6 Febuluwale likadatheka, koma palibe tsiku lapadera lotsala.
>
> Zofuna inu, bwana:
> 1. Chonde ogulitsa ndodo alipidwe K1,350,000 ya katundu wa ulendo watha pofika Lachitatu pa 21 Januwale. Sapereka ndodo zina asanalipidwe, ndipo katundu amatenga masiku atatu kufika. Ndodo zilipo ndi za mjigo umodzi. Ndodo zikapanda kufika pa 24, mijigo inayi yotsala iima ndipo tsiku lomaliza lisuntha.
> 2. Chilolezo chogula matumba 6 a simenti kuno ku Salima pofika pa 26 Januwale, olowa m'malo mwa amene ananyowa.
>
> Zatha sabata ino: Mjigo wa pamsika, komiti yasaina pa 16.
>
> Zili mkati: Pachigayo pampu ikugwira ntchito, komiti isaina pa 20 (kunali maliro). Kusukulu simenti yathiridwa pa 15, pampu ibwerera pa 22, kusaina pa 23.
>
> Zovuta: Matumba 6 mwa 25 a simenti anawonongeka pa 13 lole itatitimira. Alipo 14, okwanira mjigo wa 9 ndi wa 10. Kuyambira tsopano tikunyamula simenti ya mjigo umodzi pa ulendo, yokutidwa ndi lona. Mapaipi apadera atsala 3 mwa 5.
>
> Sabata yamawa: Kumaliza pachigayo ndi kusukulu (kufika pa 8 mwa 12). Kuthira simenti pa mjigo 9 pa 19, ndi mjigo 10 pa 21.

Onani kuti zofuna bwana zili pamwamba, zisanabwere zimene tachita. Ambiri timayamba ndi zimene tagwira, chifukwa thukuta lake ndi lathu ndipo timafuna lioneke. Koma bwana amawerenga lipoti pa foni, mwina ali pakati pa misonkhano iwiri, ndipo zimene zili pansi penipeni akhoza kusazifikira. Akangowerenga mizere 8 yoyamba n'kuika foni m'thumba, akhale atadziwa kale zimene sizingadikire.

Onaninso momwe nkhani ya lole yalembedwera: chimene chinachitika, chimene chatsala, ndi chimene tasintha kuti zisabwerezeke. Mulibe kuloza chala dalaivala, mulibe kudandaula za msewu. Lipoti limayenda, bwana akhoza kulitumiza kwa akuluakulu ake kapena ku ofesi ya ndalama osasintha kanthu, ndiye musalembemo chimene simungafune kuti mwini wake awerenge. Ngati pali munthu amene ntchito yake ikukuvutitsani, imeneyo ndi nkhani ya pafoni, inu ndi bwana awiri. Pa vuto lililonse yesetsani kubwera ndi maganizo anu a chochita, ngakhale bwana akane. Ine ndinapempha kugula simenti ku Salima komweko chifukwa kudikira lole ina kuchokera ku Lilongwe, chifukwa cha matumba 6 okha, kukanadya mafuta ambiri ndi masiku amene tinalibe.

Za maliro ndinazisiyamo m'mawu awiri okha. Chifukwa cha kuchedwa chimafunika pamene chikuthandiza bwana kudziwa ngati vutolo libwerenso. Maliro akusonyeza kuti komiti sinakane mjigo, yangosuntha tsiku. Mvula ya Lolemba m'mawa sinasinthe tsiku lililonse pa kalendala, ndiye inatsala kunja.

Musanatumize, yesani zinthu zitatu

Choyamba, ikani lipoti la sabata yatha pambali pa latsopanoli. Chilichonse chimene munalonjeza pa gawo la sabata yamawa chikuyenera kuoneka lero, kaya m'zatha, kaya m'zili mkati, kaya m'zovuta. Lonjezo likangosowa popanda mawu, bwana watcheru amaona, ndipo amayamba kukayikira ndi zina zonse. Sabata yachinayi ndinalonjeza mijigo itatu, pamsika, pachigayo ndi kusukulu, ndipo yonse itatu ili m'lipotimo, uliwonse ndi tsiku lake.

Chachiwiri, sakani mawu akuti "mawa", "dzana", "posachedwa", "sabata ikubwerayi", muwasinthe ndi masiku enieni. Lipoti lolembedwa Lachisanu likhoza kuwerengedwa Lolemba, ndipo mawa la Lachisanu si mawa la Lolemba. Sakaninso mawu ongomveka kwa inu nokha, monga "kamtsinje kaja", "ogulitsa aja", "nkhani ija". Pa foni bwana amawamva chifukwa munali kucheza, koma wa ku ofesi ya ndalama amene atumiziridwe lipotilo sangadziwe kuti aja ndi ati.

Chachitatu, perekani lipotilo kwa mnzanu amene sali pa ntchitoyo, aliwerenge kwa mphindi imodzi, kenako mulande n'kumufunsa kuti: tili pati, chovuta n'chiyani, bwana achite chiyani pofika liti? Akalephera limodzi mwa mafunso atatuwo, konzani lipoti, osati kumufotokozera pakamwa. Ine ndinkayesera pa mlongo wanga amene amagulitsa mpunga pa Kamuzu Road ndipo za mapampu sazidziwa. Akatha kunditchulira ndalama ndi tsiku, ndinkadziwa kuti abwana nawonso amva.

Kutalika kwake kusapitirire tsamba limodzi. Mukaona kuti likusefukira, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti mwayambanso kusimba nkhani motsata masiku. Chizindikiro chake ndi mawu akuti "kenako" ndi "titatero". Mukawapeza, dulani chiganizocho musiye mathero ake okha. Zithunzi sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zili umboni, monga pepala losainidwa ndi matumba owonongeka aja, chilichonse ndi mawu ochepa onena malo ndi tsiku. Kumidzi kumene netiweki imavuta, zithunzi zambiri zimangochedwetsa lipoti kutuluka.

Mitu ya lipoti ikhale yomweyo sabata iliyonse, m'ndondomeko yomweyo, ndipo tsiku ndi nthawi yotumizira zisamasinthe. Ngati palibe chofuna bwana, lembani kuti "palibe", musachotse mutuwo, kuti asaganize kuti mwaiwala. Tumizani pa imelo kapena njira imene ofesi yanu imasungira zikalata, ndipo pamutu pa imeloyo lembani dzina la ntchito, nambala ya sabata ndi pamene muli, mwachitsanzo "Mijigo Salima, sabata 5, pali chiopsezo, malipiro pofika pa 21". Kenako pa foni mungolemba kuti, "Bwana, lipoti la sabata ndatumiza, chonde onani pempho loyamba, lili ndi tsiku."

Mauthenga a tsiku ndi tsiku musawasiye. Ndi amene amasunga ubale, ndipo ndi momwe mumatapa zolemba Lachisanu. Ngozi, kuvulala kwa munthu, kuba, kapena mkangano ndi eni mudzi, zimenezo sizidikira lipoti: imbani nthawi yomweyo, lipoti lidzangobwereza mwachidule zimene bwana akudziwa kale. Nkhani ya ndodo ijanso inkayenera kuimbidwa Lachinayi lomwelo, osati kuikwirira kumapeto kwa uthenga wa mawu. Chimene ndinasintha kuyambira sabata imeneyo n'chakuti uthenga uliwonse wokhala ndi nambala, tsiku kapena pempho ndinkauika kanyenyezi nthawi yomwe ndautumiza, pogwira uthengawo n'kudina chizindikiro cha nyenyezi. Lachisanu ndinkangotsegula Starred messages, ndipo theka la madengu anayi aja linkakhala litadzaza kale.

Lipoti la sabata yachisanu lija linapita Lachisanu madzulo. Lolemba m'mawa, tikusakaniza simenti pa mjigo wa 9, abwana anayankha ndi mizere iwiri: pepala la malipiro alipereka ku ofesi ya ndalama ndipo alitsatira okha mpaka Lachitatu, simenti ndigule ku Salima ndisunge lisiti.